Masinki anga anatsala m'shopu ya eni

Masinki awiri otsukira tsitsi amene ndinagula ndi ndalama zanga alipobe mpaka lero, koma ali m'shopu ya eni. Ndikamadutsa pamenepo ndimaona mayi wina akutsuka makasitomala ake pa masinki omwewo, ataponda matailosi amene ndinasankha ndekha. Ndilibe naye chifukwa mayiyo, iye anangopeza malo okonzakonza n'kulowa. Zonsezi zinayamba tsiku limene ndinapita kukaona malowo n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti lendi ndi zingati pamwezi.

Ntchito yanga ndi yokonza tsitsi. Ndinagwira m'saluni ya munthu wina kwa zaka zingapo ndikusunga pang'onopang'ono, mpaka ndinaona kuti nthawi yakwana yoti ndiime pandekha. Dobadoba wina anandionetsa chipinda cha m'mbali mwa msewu wodutsa anthu ambiri. Munalibe kanthu: makoma anayi, simenti pansi, babu limodzi ndi soketi imodzi. Eni ake, bambo achikulire aulemu wawo, anatulutsa pepala la tsamba limodzi. Linkati pangano ndi la miyezi 12, dipoziti ndi lendi ya miyezi 2, ndipo kumunsi kunali mawu akuti pangano likhoza kuwonjezedwa mbali zonse ziwiri zikagwirizana. Nditawafunsa ngati ndingakonze chipindacho kuti chikhale saluni, anati, "Konzani mmene mukufunira mayi, malo ndi anu awa." Ndinasaina tsiku lomwelo, mtima uli dyokodyoko poopa kuti wina andilanda.

Kuti nkhani imveke kwa aliyense, ndalama zonse ndiziwerenga poyerekeza ndi lendi ya mwezi umodzi, chifukwa ndi momwe ndinaphunzirira kuziwerenga pambuyo pake. Kukonza chipinda chija kunandidyera ndalama zokwana lendi ya miyezi 9. Mwa zimenezi, za miyezi 3 zinapita ku zinthu zonyamulika monga mipando, magalasi, makina oumitsira tsitsi ndi mashelefu. Za miyezi 6 zinalowa m'nyumba yeniyeniyo: mapaipi obweretsa madzi, paipi yotayira madzi akuda, masinki, matailosi, siling'i, mawaya atsopano ndi masoketi, khoma la matabwa logawa chipinda, zitsulo za pawindo ndi penti. Amisiri anatenga masabata 5. Ine n'kumati zatheka, mawa nditsegula.

Sindinatsegule. Nditapita kukapempha laisensi yochitira bizinesi, anandiuza kuti saluni imayamba yayenderedwa ndi a zaumoyo. Woyendera uja anabwera patatha sabata, nayang'ana masinki, nafunsa kumene madzi akuda akupita, mmene ndizitsukira zipeso ndi malezala, kenako anafunsa chimbudzi. Chimbudzi chinali kuseri, cha mashopu onse, koma madzi ake anali atadulidwa chifukwa cha ngongole ya bilu imene inalipo ine ndisanabwere. Woyenderayo anakana kusaina. Ndinapita kwa eni nyumba, iwo anati laisensi ndi nkhani yanga, sizikuwakhudza. Ndinapita kwa a mashopu ena kuti tisonkhe, iwo analibe nazo changu poti ntchito zawo zinkayenda kale. Mapeto ake ndinalipira ndekha gawo lalikulu la ngongole ya anthu ena kuti madzi alumikizidwe. Pamene laisensi inkatuluka n'kuti miyezi 2 yathunthu itapita, lendi ndikulipira, m'shopu musanalowe kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Miyezi 10 yotsalayo ntchito inayenda bwino, moti pofika mwezi wa 8 makasitomala anali atazolowera malo. Mwezi wa 11 ndinapita kwa bambo aja kuti tiwonjezere pangano. Anandilandira bwino, kenako anati lendi ikwera ndi theka, chifukwa malowo tsopano ndi okongola ndipo pali wina amene akuwafuna pamtengo umenewo. Ndinati, "Koma bambo, amene ndakongoletsa malowa ndine." Anaseka pang'ono n'kuti, "Inde mayi, ndipo mwagwiritsa ntchito chaka chonse." Apo m'pamene ndinawerenganso mawu aja akuti mbali zonse zikagwirizana, n'kuona kuti sankandilonjeza kalikonse. Anthu awiri akhoza kugwirizana chilichonse tsiku lililonse popanda pepala kuwauza. Chiganizo chimenecho chinangokhala chokometsera tsamba.

Lendi yatsopanoyo sindikanaikwanitsa. Ndinanyamula mipando ndi magalasi, ndinabweza makiyi tsiku lomaliza la mwezi, ndipo patatha masiku awiri ndinabwera ndi pulambala kuti tichotse masinki. Tinapeza loko wina. Eni nyumba anati chilichonse chomatidwa kukhoma kapena pansi ndi mbali ya nyumba. Pa dipoziti anadulaponso ndalama yotsekera mabowo amene magalasi anasiya kukhoma.

Ndinakadandaula kwa loya wina, mnzawo wa achemwali anga. Anandifotokozera modekha kuti nthawi zambiri chinthu chimene chamangiriridwa ku nyumba mokhazikika chimawerengedwa kuti ndi cha nyumbayo, koma zipangizo zimene walendi waika chifukwa cha ntchito yake amatha kuloledwa kuzichotsa, bola achotse pangano lisanathe ndipo akonze pamene pawonongeka. Anati masinki aja ndikanatha kuwamenyera ndikanawachotsa ndisanabweze makiyi. Matailosi, siling'i ndi mapaipi a m'khoma, amenewo ndiiwale. Anawonjeza kuti kukangana kukhoti kukanandidyera zoposa mtengo wa masinkiwo. Kenako anatenga cholembera n'kundiwerengera masamu amene anandisowetsa tulo. Lendi ya miyezi 12 kuphatikiza ya miyezi 6 imene inatsala m'makoma ndi 18. Miyezi imene ndinagwira ntchito ndi 10. Ndiye kuti mwezi uliwonse umene ndinatsegula chitseko ndinkalipira pafupifupi lendi ziwiri, pamene ine ndinkadziuza kuti ndapeza malo otchipa. Anandiuza kuti ndikanakhala pamalo omwewo zaka 3, zikanakhala 36 kuphatikiza 6, zomwe ndi 42, kugawa kwa miyezi 34 yogwira ntchito. Pamenepo mwezi uliwonse ukanangokwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a lendi. Ndalama zokonzera n'zomwezo, chosintha ndi kutalika kwa nthawi imene uli ndi ufulu wokhala pamalopo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona kutalika kwa pangano, ufulu wokonza malo ndi laisensi ngati nkhani zitatu zosiyana. Ndalama zimene umakwirira m'nyumba ya munthu zimabwerera pang'onopang'ono kudzera mwa makasitomala, choncho zimafuna nthawi. Nthawiyo amapereka ndi pangano. Ndipo nthawiyo imayamba kudyeka tsiku limene lendi yayamba, pamene iwe sungayambe kugulitsa laisensi isanatuluke. Ukalakwitsa chimodzi, ziwiri zinazo zimagwa nazo.

Ndinakhala miyezi ingapo ndikuluka anthu kunyumba. Nditamva za chipinda china, sindinathamange. Ndinapita kukachiona masana, ndinapitanso madzulo, ndinatsegula mpopi, ndinayang'ana kuseri. Kenako ndinalembera eni ake uthenga, osati kuwaimbira, chifukwa ndinkafuna kuti mayankho awo akhale olembedwa. Uthengawo unali wotere:

"Bambo, zikomo pondionetsa malo aja dzulo. Ndawakonda ndipo ndikufuna kutsegulapo saluni. Ndisanapereke dipoziti ndili ndi mafunso angapo, mundikhululukire ngati achuluka. Kodi pangano lanu ndi la nthawi yaitali bwanji, ndipo likatha ndili ndi ufulu wopitiriza? Lendi imakwera liti ndipo ndi zochuluka bwanji? Saluni imafuna mapaipi, masinki, matailosi ndi masoketi owonjezera. Kodi mungandilole kuika zimenezi, ndipo tsiku lochoka n'ziti zimene ndidzatenge, n'ziti zimene zidzatsale? Komanso kodi nyumbayi inavomerezedwa kuti muzichitikira malonda, ndipo a zaumoyo akapeza vuto la nyumbayo, adzakonza ndani?"

Ndinkaopa kuti aona ngati ndine wovuta n'kupereka malo kwa wina. Anayankha tsiku lotsatira kuti ndibwere tidzakambirane, ndipo nditafika ndinapeza atasindikiza kale pangano lawo la masamba 4. Apa ndinene maganizo anga: mwini nyumba amene wakwiya chifukwa cha mafunso ngati amenewa wakuyankha kale. Amene akufuna walendi wokhalitsa amawayembekezera, chifukwa nayenso chipinda chikakhala chopanda munthu amaluza.

Chinthu choyamba chimene ndinapempha, mwamanyazi ndithu, chinali umboni woti nyumbayo ndi yawo. Mnzanga wina analipira dipoziti kwa munthu amene nayenso anali walendi chabe, ndipo mwini weniweni atamuthamangitsa munthuyo, mnzangayo anapita naye limodzi. Munthu sangakupatse nthawi yoposa imene iyeyo ali nayo. Ngati amene akukubwereketsani ndi walendi, muone pangano lake, muone tsiku limene likutha, ndiponso ngati likumulola kuika munthu wina. Bambo awa anatulutsa mapepala a nyumba, dzina linafanana ndi la pa chiphaso chawo, tinapitiriza.

Pa za kutalika kwa pangano, iwo ankafuna zaka 5. Munthu amene anapsapo ndi chaka chimodzi angaganize kuti ndinalumphira pamenepo, koma ayi. Pangano lalitali limamanga onse awiri. Bizinesi ikalephera m'chaka chachiwiri, lendi ya zaka zotsalazo imakhala ikukudikira, pokhapokha pangano litakupatsa khomo lotulukira. Ndinawauza kuti ndikufuna zaka 3, ndi ufulu woti ineyo, osati tonse awiri, ndikafuna ndiwonjezere zaka 2 powalembera kalata kutatsala miyezi 3. Anafunsa kuti zikusiyana pati ndi zimene zinali m'pangano lawo, lomwe linalinso ndi mawu aja a mbali zonse zikagwirizana. Ndinati, "Bambo, apa mukhoza kukana. Ine ndikufuna poti ndikalemba kalata nthawi yake ndipo ndilibe ngongole ya lendi, inu simungakane." Anaganiza kaye, kenako anavomera, koma anati ndikadzakhala ndi ngongole ufuluwo udzatha. Ndinaona kuti akunena zoona.

Ufulu wopitiriza ulibe phindu ngati mtengo sunatchulidwe, chifukwa mwini nyumba akhoza kungotchula lendi yoti uthawe wekha, monga zinandichitikira poyamba paja. Choncho tinalemba kuti lendi izikwera kamodzi pachaka, pa tsiku lokumbukira pamene pangano linayamba, ndipo isapitirire 10 peresenti, ngakhale m'zaka 2 zowonjezerazo. Iwo anayamba ndi 15, ine ndi 5, tinakumana pamenepo. Tinalembanso khomo langa lotulukira: ikatha miyezi 18, ndikhoza kuchoka nditapereka notisi ya miyezi 3. Iwo anati ngati ndili ndi khomo, nawonso akhale nalo, poti mwina angadzafune kugulitsa nyumba kapena kuimanganso. Apa m'pamene tinakhalitsa kwambiri, tiyi mpaka kuzizira.

Ndinawauza nkhani ya masinki anga. Ndinati sindikukana kuti akhale ndi ufulu wondichotsa, koma akandichotsa zaka 3 zisanathe ine ndisanalakwe, andibwezere gawo la ndalama zimene ndakwirira m'nyumba yawo. Njira yowerengera tinailemba m'pangano momwemo: ndalama zonse za zinthu zokhazikika tizigawe kwa miyezi 36, ndipo adzandipatse za miyezi yotsala. Mwachitsanzo, ngati zokhazikika zakwana lendi ya miyezi 6 ndipo andichotsa itatha miyezi 24, kwatsala miyezi 12, gawo limodzi mwa magawo 3, ndiye adzandipatsa zokwana lendi ya miyezi 2. Anavomera pokhapokha nditawapatsa makope a malisiti onse ntchito ikangotha, tonse tisainepo, kuti mtengo usadzakule m'kamwa tsiku la mkangano. Anakanitsitsa kundibwezera kalikonse ngati pangano latha lokha pa nthawi yake, ndipo sindinalimbikire, chifukwa pofika pamenepo zinthuzo zidzakhala zitandigwirira ntchito zaka 3. Tinaikanso mzere woti akagulitsa nyumba, adzamuuze wogulayo za panganoli ndipo wogulayo adzalilandire mmene lilili.

Kenako tinafika pa zokonza. Mawu akuti konzani mmene mukufunira ndi okoma kumva, koma tsiku lochoka aliyense amawakumbukira mwanjira yake. Ndinabwera ndi pepala limene ndinajambulapo chipindacho ndi cholembera, kusonyeza pamene pakhale masinki, njira ya mapaipi, masoketi ndi khoma logawa. Tinayenda m'chipindamo pepala lili m'manja. Ndinkafuna kuboola khoma lakumbuyo kuti pakhale chitseko chopita kuchimbudzi. Iwo anakana, anati khoma limenelo lanyamula denga, ndipo mmisiri wanga atabwera anatsimikiza. Pa magetsi anati ndigwiritse ntchito mmisiri wokhala ndi chiphaso, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza mawaya, chifukwa moto ukabuka nyumba ndi yawo. Anali ndi mfundo. Makina oumitsira tsitsi amakoka magetsi ambiri, ndipo ukayatsa atatu nthawi imodzi pa waya umene unaikidwira babu ndi wailesi, zotetezera zimangodula kapena waya umatentha. Mmisiriyo anakoka mzere wakewake kuchokera pa bokosi la magetsi kupita ku makinawo. Ndinapemphanso mita yangayanga ya magetsi ndi ya madzi, chifukwa saluni ikagawana bilu ndi shopu yogulitsa zovala, mkangano suchedwa.

Zonse zimene ndinkafuna kuika tinazigawa m'magulu atatu pa tsamba lapadera limene tinaliphatika ku pangano. Gulu loyamba ndi zanga zimene ndidzanyamule: mipando, magalasi, mashelefu, makina, chikwangwani, ndi masinki, amene ndinaonetsetsa kuti alembedwa ndi dzina lake komanso chiwerengero chake. Lachiwiri ndi zimene zidzatsale popanda wina kulipira mnzake: matailosi, siling'i, mapaipi a m'khoma, mawaya. Lachitatu ndi zimene ndidzayenera kuchotsa n'kubwezeretsa malo mmene analili, ndipo munalowa khoma la matabwa lija ndi kutseka mabowo.

Gulu lachitatuli anthu ambiri saliganizira. M'pangano limene bambo aja anasindikiza munali chiganizo choti walendi adzabweze malo mmene anawapezera. Ukachiwerenga mothamanga umaganiza kuti akunena zosesa ndi kupenta. Koma munthu wofuna kukufinya akhoza kunena kuti unapeza simenti, ndiye gumula matailosi, unapeza khoma lopanda mapaipi, ndiye zula. Umalipira poika, n'kudzalipiranso pochotsa, ndipo ndalama yake amaidula pa dipoziti. Tinasintha chiganizocho kuti chiziloza ku tsamba la magulu atatu lija. Tsiku lolandira makiyi ndinajambula zithunzi za khoma lililonse, pansi, denga, mawindo ndi manambala a pa mamita, n'kuwatumizira pa foni tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Panali mng'alu pakona ina ndi banga la kudontha padenga. Tinalemba kuti denga, makoma akuluakulu ndi mapaipi a kunja ndi udindo wawo, za mkati zimene ndaika ine ndi udindo wanga.

Nkhani ya laisensi ndinaiyamba ndisanasaine. Ndinapita ku ofesi yopereka malaisensi ndi nambala ya puloti ya nyumbayo, n'kufunsa zinthu ziwiri: ngati pamalopo pamaloledwa saluni, ndiponso mapepala amene adzafune kwa ine. Ulendo umenewu ndi wa m'mawa umodzi, koma poyamba paja sindinauganizire n'komwe. Mayi amene anandithandiza anandifotokozera zimene ndinkazisokoneza. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi nkhani ina, kulembetsa za msonkho ndi ina, ndipo laisensi yochitira malonda ndi inanso. Ziwiri zoyambazo zimayenda ndi ine kulikonse. Laisensi imatchula munthu, mtundu wa bizinesi ndi malo. N'chifukwa chake ya ku shopu yanga yakale sinandithandize kumalo atsopano, ndipo ya munthu amene ankagulitsa zovala m'chipindachi ine ndisanabwere sinandikhudze. Dobadoba akakuuzani kuti musadandaule, malo ano ali kale ndi laisensi, mufunseni kuti ili m'dzina la ndani ndipo ndi ya ntchito yanji.

Anandiuzanso kuti pofunsira laisensi adzafuna kope la pangano losainidwa. Apa pali msampha umene unandigwira poyamba. Laisensi sungaipeze wopanda pangano, ndipo oyendera sangavomereze saluni imene ilibe masinki, choncho uyenera kusaina ndi kukonza usanadziwe ngati adzakulola. Sungauthawe msamphawu, koma ungathe kugawana ndi mwini nyumba. Ndinabwerera kwa bambo aja n'kuwauza kuti pali zinthu zimene oyendera amaona zomwe zili m'manja mwanga, monga ukhondo wa zipangizo, matawulo, motayira zinyalala ndi chozimitsira moto cha m'shopu. Pali zina zimene ine sindingazikonze ngakhale nditafuna: ngati nyumbayo inavomerezedwa kuchitiramo malonda, ngati chimbudzi chili ndi madzi, ngati paipi yaikulu yotayira madzi akuda ikugwira ntchito, ngati pali ngongole za misonkho ya nyumba kapena mabilu akale. Tinalemba kuti kufunsira laisensi, kuilipira ndi kuikonzanso chaka ndi chaka ndi udindo wanga. Iwo adzapereka mapepala a nyumba amene ofesi ingafune pasanathe masiku 7 nditawapempha. Ndipo laisensi ikakanidwa chifukwa cha nyumbayo, ali ndi masiku 30 oti akonze, lendi itaima. Akalephera, pangano latha, dipoziti ibwerere yonse.

Ndinapempha miyezi 2 yosalipira lendi pamene ndikukonza ndi kudikira laisensi. Anandipatsa umodzi. Anati, "Mayi, inenso ndili ndi ana kusukulu." Ndinavomera, koma ndinasintha kayendetsedwe ka ntchito kuti mwezi umodziwo ukwanire. Fomu ya laisensi ndinaipereka tsiku lotsatira nditasaina, osadikira kuti amisiri amalize. Ndinauza pulambala kuti ayambe iyeyo, chifukwa ntchito yake ndi imene oyendera amafuna kuona, penti ndi mashelefu zibwere pambuyo. Ndinapemphanso woyendera kuti adzaone chojambula changa chija mapaipi asanakwiriridwe. Anabwera, naona kuti paipi yotayira madzi ndimafuna kuilozetsa mu ngalande ya madzi a mvula, nandiuza kuti imeneyo sangaivomereze, iyenera kulowa mu paipi ya madzi akuda. Kusintha pa pepala kunatenga mphindi zochepa. Tikanakhala titaika kale matailosi, tikanagumula. Ndinatsegula patatha masabata 6 chilandirireni makiyi, kutanthauza kuti lendi imene ndinalipira chitseko chili chotseka inali ya masabata awiri okha.

Pali mzere wina waung'ono umene ndinatsala pang'ono kuulumpha, wonena za ntchito yololedwa pamalopo. Bambo aja analemba kuti malowo ndi okonzerapo tsitsi basi. Ine ndinkadziwa kuti m'tsogolo ndidzafuna kugulitsa mafuta odzola, mawigi ndi kukonza zikhadabo. Ndinapempha kuti tilembe kuti saluni, kukongoletsa thupi ndi kugulitsa zinthu zokhudza ntchitoyo, ndipo pa fomu ya laisensi ndinalemba zofanana. Mawu a pa pangano ndi a pa laisensi akasiyana, tsiku lina mmodzi mwa awiriwo adzakuuza kuti ukuchita zimene sanakulole. Ndinapemphanso kuti asabwereketse chipinda choyandikana kwa saluni ina. Anakana, anati sangadzimange manja pa chipinda chimene sindikulipira. Mpaka pano muli wogulitsa mafoni, ndiye ndimangopemphera kuti malonda ake aziyenda.

Pangano lonse ndinapita nalo kwa loya uja ndisanasaine. Analiwerenga kwa ola limodzi, nakonza malo awiri, ndipo chimene ndinamulipira sichinafike mtengo wa sinki imodzi. Chimodzi mwa zimene anakonza chinali tsiku lobweza dipoziti, lomwe silinatchulidwe. Tinaika masiku 30 nditabweza makiyi, ndipo chilichonse chodulidwa chikhale ndi lisiti.

Ngakhale ndinafunsa zonsezi, china chinandipulumuka. Patatha miyezi 4 kunabwera kalata yoti chikwangwani changa chakunja chimafuna chilolezo chakechake ndi malipiro ake apachaka, osiyana ndi a laisensi. Ndinapita nayo kwa bambo aja, poti chikwangwanicho chili pakhoma lawo. Anatsegula pangano pa tsamba la magulu atatu, naloza gulu loyamba pamene ndinalemba ndi dzanja langa kuti chikwangwani ndi changa, n'kundibwezera kalatayo akumwetulira. Ndinakalipira.

Pano ndili m'mwezi wa 31. Kalata yowonjezera zaka 2 iyenera kufika kwa iwo mwezi wa 33 usanathe. Ndailemba kale, ili m'kabati pansi pa matawulo, ndipo Lolemba ndikukaipereka ndekha pamanja kuti akasaine pa kope langa.